Msonkhano wa pa kalendala ukasuntha wokha ndi ola limodzi: chimachitika nchiyani?

Kawiri pa chaka, m'Malichi komanso kumapeto kwa Okutobala, anthu amene amagwira ntchito kapena kuphunzira ndi anzawo a ku Ulaya ndi ku Amereka amakumana ndi chodabwitsa chimodzimodzi. Msonkhano umene wakhala ukuchitika Lachiwiri lililonse 4 koloko madzulo umangopezeka kuti pa foni walembedwa 3 koloko. Palibe amene wausintha. Amene adauitanitsa akuti kwawo udakali pa nthawi yake yakale, ndipo sakunama. Wa ku Lilongwe akuti wasuntha, nayenso sakunama.

Gwero la zonsezi ndi mwambo wa mayiko ena wosuntha mawotchi, umene pa foni ndi pa kompyuta umalembedwa kuti daylight saving time kapena mwachidule DST. Malawi sasuntha mawotchi, koma kalendala ya m'foni ya Mmalawi imamva kugwedezeka kwake. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimaoneka zofanana. Pali kusuntha kumene nkosapeweka, komwe kalendala yawerengera bwino, ndiye palinso kusuntha kobwera chifukwa chakuti penapake palakwika.

## Kusuntha mawotchi nkutani, ndipo kudachokera kuti?

Kutali ndi pakati pa dziko lapansi, kutalika kwa usana kumasintha kwambiri m'chaka. Ku London, mu Juni dzuwa limakhala kunja maola opitirira 16, pomwe mu Disembala silikwanitsa ngakhale maola 8. M'miyezi ya usana wautali kumacha anthu ambiri adakali m'tulo. Ganizo lake ndi lakuti mawotchi akakankhidwa kutsogolo ndi ola limodzi, anthu amadzuka msanga ndipo kuwala kumene kukadatha iwo ali mtulo kumawapeza madzulo ataweruka.

George Hudson wa ku New Zealand adapereka ganizoli mu 1895, ndipo William Willett wa ku Britain adalilimbikitsa kuyambira mu 1907. Koma chimene chidachititsa kuti maboma alitenge ndi nkhondo. Jeremani idasuntha mawotchi pa 30 Epulo 1916 pofuna kusunga malasha, ndipo Britain idatsatira patangotha milungu itatu.

Lero Britain ndi mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya amasuntha mawotchi kutsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi ndi kuwabweza Lamulungu lomaliza la Okutobala, onse pa mphindi imodzi. Amereka ndi mbali yaikulu ya Canada amayamba Lamulungu lachiwiri la Malichi ndi kumaliza Lamulungu loyamba la Novembala. Masikuwa sakufanana, ndipo kusiyana kumeneku tikuona posachedwa zimene kumabala.

Kuno kwathu usana umangosinthasintha pakati pa maola 11 ndi 13, choncho palibe kuwala kochuluka koti nkusamutsira madzulo.

## Wotchi ya pakhoma ndi nthawi ya dziko lonse

Makompyuta ali ndi muyezo umodzi wa nthawi umene susuntha, wotchedwa UTC. Nthawi ya malo alionse imawerengedwa kuchokera pamenepo. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse. London imafanana ndi UTC m'nyengo yozizira, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi imakhala patsogolo ndi ola limodzi. New York imakhala kumbuyo ndi maola asanu m'nyengo yozizira, ndi maola anayi m'nyengo yotentha.

Apa pali mfundo imene anthu ambiri, ngakhale olemba mapulogalamu, amaidumpha. Chigawo cha nthawi si nambala ya maola. Nambala ngati +2 imangonena kusiyana kwa lero. Chigawo cha nthawi ndi malo pamodzi ndi malamulo ake onse: liti amasuntha mawotchi, ndi maola angati, kuyambira chaka chiti. Nchifukwa chake makompyuta ambiri amatchula zigawo ndi mayina a mizinda, monga `Europe/London`, `America/New_York` ndi `Africa/Blantyre`. Mizinda iwiri ikhoza kukhala pa nambala imodzi lero nkusiyana mwezi wamawa. Mu Januwale, Cairo ndi Athens amakhala pa +2 ngati Lilongwe, koma mu Juni onse awiri amakhala pa +3. Berlin ndiye mosemphana: mu Juni imafanana ndi Lilongwe, mu Januwale imatsalira ndi ola.

## Kalendala simalemba misonkhano 52

Munthu akakhazikitsa msonkhano wa mlungu uliwonse, amaganiza kuti kalendala yalemba misonkhano yonse ya chaka. Kawirikawiri sizitero. Imasunga zinthu zitatu zokha: tsiku ndi ola loyambira, lamulo lobwereza, ndi chigawo cha nthawi chimene olalo liyenera kuwerengedwera. Misonkhano imene mumaiona pa foni imawerengedwa kuchokera pa zitatuzi nthawi iliyonse mukatsegula.

Makalendala a makampani osiyanasiyana amatumizirana zoitanira m'kalembedwe kotchedwa iCalendar, kamene kadakhazikitsidwa mu 1998 ndi kukonzedwanso mu 2009 m'chikalata cha RFC 5545. Ndiwo mafayilo othera ndi `.ics` amene amabwera ndi imelo. Msonkhano wa Lachiwiri lililonse 2 koloko masana ku London umaoneka chonchi mkati mwake:

```
DTSTART;TZID=Europe/London:20260106T140000
RRULE:FREQ=WEEKLY;BYDAY=TU
```

Mzere woyamba ukunena kuti msonkhano woyamba uli pa 6 Januwale 2026, nthawi ya 14:00 pa wotchi ya ku London. Wachiwiri ukunena kuti uzibwerezedwa Lachiwiri lililonse. Lonjezo limene lasungidwa apa ndi la wotchi ya ku London yokha. Wina aliyense amaona nthawi yotembenuzidwa.

Zili ngati lendi imene mudagwirizana m'madola koma mumalipira m'makwacha. Mtengo wa pa pepala susintha, koma makwacha amene mutulutse amadalira mphamvu ya ndalama ya tsiku lolipira. Mwini nyumba akanena kuti sadakweze lendi amanena zoona, ndipo inu mukanena kuti mwezi uno mwalipira zosiyana mumanenanso zoona. Lendi singakhale yosasintha m'ndalama zonse ziwiri. Msonkhano nawonso sungakhale wosasuntha pa mawotchi awiri amene amasiyana mosinthasintha.

## Tiutsate msonkhanowu chaka chonse cha 2026

Tiyerekeze kuti pa msonkhano uja pali anthu atatu: wina ku London amene adauitanitsa, wina ku Lilongwe, wina ku New York.

Mu Januwale ndi Febuluwale, 14:00 ya ku London ndi 14:00 UTC. Wa ku Lilongwe amalowa 16:00, wa ku New York 09:00 m'mawa.

Pa 8 Malichi, Amereka ikusuntha mawotchi, Britain isanatero. Lachiwiri pa 10, pa 17 ndi pa 24 Malichi, wa ku London ndi wa ku Lilongwe saona kusintha kulikonse, koma wa ku New York msonkhano ukumupeza 10:00.

Pa 29 Malichi, Britain nayo ikusuntha. Tsopano 14:00 ya ku London ndi 13:00 UTC. Lachiwiri pa 31 Malichi wa ku New York wabwerera pa 09:00 yake, ndipo wa ku Lilongwe ndiye wasunthidwa, akulowa 15:00. Zikhala choncho pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri.

Pa 25 Okutobala, Britain ikubweza mawotchi. Lachiwiri pa 27 Okutobala wa ku Lilongwe wabwerera pa 16:00, pomwe wa ku New York wakankhidwanso kufika pa 10:00 kwa mlungu umodzi, mpaka Amereka itabweza mawotchi ake pa 1 Novembala.

M'chaka chimodzi wa ku London sadasunthidwe, wa ku Lilongwe wasunthidwa kawiri, wa ku New York kanayi. Ndipo kalendala sidalakwitse paliponse.

Nanga akadakhala wa ku Lilongwe ndiye adaukhazikitsa, pa 16:00 ya `Africa/Blantyre`? Iye sakadasunthidwa chaka chonse. Wa ku London akadaona msonkhano ukuchoka pa 14:00 kupita pa 15:00 kuyambira pa 31 Malichi, ndipo wa ku New York akadakhala pa 10:00 kuyambira pa 10 Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala. Funso lenileni pa gulu lotere si lakuti kusunthako kupewedwe bwanji, chifukwa sikupeweka, koma lakuti kugwere ndani. Ndimaona kuti magulu ambiri sakambirana zimenezi. Zimangotsatira amene adayamba kutsegula kalendala, ndipo amene ali m'dziko losasuntha mawotchi ndiye amadabwa kwambiri, popeza kwawo palibe wailesi kapena nyuzipepala imene idamuchenjeza kuti usiku wa Loweruka mawotchi asuntha.

## Pamene palakwikadi

Tsopano tifike pa zolakwika zenizeni. Chizindikiro chachikulu chozisiyanitsira ndi ichi: ngati msonkhano wasuntha ngakhale kwa mwini wake amene adaukhazikitsa, kapena ngati anthu awiri a mumzinda umodzi akuona nthawi zosiyana, ndiye kuti pali chimene chawonongeka.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kutaya chigawo cha nthawi. Kalembedwe ka iCalendar kamalola kulemba ola m'njira zitatu. Yoyamba ndi ija taona, yokhala ndi dzina la malo. Yachiwiri ndi ya UTC, imene imadziwika ndi chilembo `Z` kumapeto. Yachitatu ilibe malo kapena `Z`, ndipo imatanthauza ola lomwelo pa wotchi ya kulikonse kumene munthu ali, zimene zimayenera zinthu ngati chikumbutso chodzukira. Pulogalamu ina ikamakopera msonkhano uja, ikhoza kuutembenuza kukhala wa UTC:

```
DTSTART:20260106T140000Z
RRULE:FREQ=WEEKLY;BYDAY=TU
```

Mu Januwale palibe angazindikire kanthu, chifukwa 14:00 UTC ndi 14:00 ya ku London. Koma lonjezo lasintha mwakachetechete. Pa 31 Malichi kalendala imeneyi idzaonetsa 15:00 kwa wa ku London ndi 16:00 kwa wa ku Lilongwe, pomwe ena onse adzakhala atayamba kale ola lapitalo. Cholakwikacho chidachitika mu Januwale, koma chikudzaonekera patatha milungu 12, nchifukwa chake chimavuta kuchilondola. Zimachitika kawirikawiri msonkhano ukadutsa m'manja mwa mapulogalamu angapo: kuchoka pa tsamba lolembetsera maphunziro, kulowa m'imelo, kenako m'kalendala ya foni.

Olemba mapulogalamu amaphunzitsidwa kuti nthawi azisunga mu UTC, ndipo malangizowo ndi abwino pa zinthu zimene zidachitika kale, monga mphindi imene ndalama zidatumizidwa. Pa zam'tsogolo zimene anthu adapangana pa wotchi ya kwawo, malangizo omwewo amasocheretsa.

Chachibale chake ndi kuwerengera mlungu ndi masekondi. Mlungu wamba uli ndi maola 168, kapena masekondi 604,800, ndipo pulogalamu yolembedwa mwachangu imangowonjezera nambala imeneyi kuti ipeze msonkhano wotsatira. Koma kuchokera 14:00 ya Lachiwiri pa 24 Malichi kufika 14:00 ya Lachiwiri pa 31 Malichi ku London pali maola 167, ndipo mlungu wobweza mawotchi uli ndi maola 169. Njira yolondola ndi kuwonjezera masiku asanu ndi awiri pa kalendala ya malowo, kenako nkufunsa kuti 14:00 ya tsiku limenelo ndi nthawi yanji mu UTC.

China ndi kusankha chigawo cholakwika chifukwa nambala ikufanana. Munthu wa ku Blantyre akusaka pa mndandanda, waona `UTC+02:00`, wadina, osaona kuti ndi Cairo kapena Helsinki. Zonse zimayenda bwino mpaka tsiku limene mzinda umenewo usuntha mawotchi, ndiye misonkhano yake yonse imasuntha pamodzi. Pa Windows, chigawo chofanana ndi chathu chimalembedwa kuti `Harare, Pretoria`. Pa makina omwewo pali mayina awiri oyandikana kwambiri: `GMT Standard Time` ndi wa London ndipo umasuntha, pomwe `Greenwich Standard Time` ndi wa malo ngati Monrovia ndi Reykjavik ndipo susuntha.

Pali vuto linanso limene limasokoneza anthu kuposa onsewa, lokhudza misonkhano imene idafafanizidwa kapena kusunthidwa paokha. Mukafafaniza msonkhano wa tsiku limodzi pa mndandanda wobwereza, kalendala simachotsa kanthu, popeza panalibe cholembedwa choti ichotse. Imangowonjezera mzere wotchedwa `EXDATE` wonena kuti msonkhano woyamba pa tsiku lakuti, ola lakuti, udumphidwe. Chizindikiro chake ndi ola loyambira lenilenilo. Ngati pulogalamu ina yawerenga mndandandawo mophonya ndi ola limodzi, mzere uja sukumananso ndi msonkhano uliwonse, ndipo msonkhano wofafanizidwa umadzukanso. Umene udasunthidwira tsiku lina umaoneka kawiri, pa malo akale ndi pa atsopano. Mukaona misonkhano yobwereza ikuoneka iwiriiwiri pambuyo pa Malichi kapena Okutobala, apa ndi poyamba kukayikira.

## Ola limene kulibe, ndi ola lobwera kawiri

Usiku wosuntha mawotchi uli ndi zachilendo zake. Pa 29 Malichi 2026 ku London, wotchi ikuchoka pa 00:59 kulumphira pa 02:00. Nthawi ya 01:30 kulibe tsiku limenelo. Pa 25 Okutobala wotchi ikafika 02:00 ikubwerera pa 01:00, choncho 01:30 ikubwera kawiri.

Misonkhano ya muofesi sichitika usiku wotero, koma ntchito zosinthana usiku m'zipatala ndi m'mafakitale, zikumbutso za mankhwala, ndi ntchito zimene makompyuta amadzichitira okha usiku zimagwera pamenepo. Chikalata cha RFC 5545 chimati ola likabwera kawiri, litengedwe loyambalo. Pa ola limene kulibe, chikalatacho chimalankhula pawiri: pena chimati nthawiyo iwerengedwe ndi muyezo wa mawotchi asanasunthe, kutanthauza kuti 01:30 isanduke 02:30, pena chimati chochitika chobwereza chimene chagwera pa nthawi yosapezeka chingodumphidwa. Mapulogalamu sachita mofanana pamenepa. Amene angathe kusankha amachita bwino kupewa kuika zobwereza pakati pa 1 koloko ndi 3 koloko usiku m'mayiko osuntha mawotchi.

## Malamulo amasintha, makina amamva mochedwa

Zonse tafotokozazi zikudalira kuti foni ikudziwa malamulo a dziko lililonse. Imawadziwa kuchokera m'kaundula wa zigawo za nthawi amene Arthur David Olson adamuyamba m'zaka za m'ma 1980, amene kwa zaka zambiri wakhala akusamalidwa ndi Paul Eggert ndi anthu ongodzipereka, ndipo kuyambira mu 2011 ali m'manja mwa bungwe la IANA. Boma lina likasintha lamulo, kaundulayu amakonzedwa, kenako opanga mafoni ndi makompyuta amatumiza zokonzedwazo kwa ogwiritsa ntchito. Ulendo umenewu umatenga nthawi, ndipo foni yakale imene idasiya kulandira zatsopano imakhalabe ndi malamulo akale.

Amereka itasintha masiku ake mu 2007, kuchoka pa Lamulungu loyamba la Epulo kubwera pa Lamulungu lachiwiri la Malichi, lamulo lake lidali litakhazikitsidwa kale mu 2005. Ngakhale padali nthawi yokonzekera yotalika choncho, kampani ya Microsoft idachita kutulutsa chida chapadera chokonzera misonkhano imene anthu adali atalemba kale m'makalendala awo pogwiritsa ntchito malamulo akale.

Lebanoni idaonetsa zimene zimachitika nthawi yokonzekera ikasowa. Mu Malichi 2023, kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti mawotchi asunthe, boma lidalengeza kuti kusunthako kuchedwetsedwa mpaka chakumapeto kwa Epulo. Mpingo wa Maronite, masukulu ena ndi nyumba zina zoulutsira nkhani adakana, nasuntha mawotchi monga mwa masiku onse. Kwa masiku angapo dziko limodzi lidali ndi nthawi ziwiri. Osamalira kaundula adatulutsa kaundula wokonzedwanso wotchedwa `2023b` wokhala ndi lamulo latsopano. Boma litabweza ganizo lake, mawotchi adasuntha usiku wolowera pa 30 Malichi, ndipo padatuluka `2023c`. Mafoni awiri pa tebulo limodzi akadatha kuonetsa maola osiyana, kutengera kuti iliyonse idalandira ziti.

Choitanira cha `.ics` chimanyamulanso malamulo ake a nthawi mkati, m'gawo lotchedwa `VTIMEZONE`. Chotumizidwa lamulo lisanasinthe chimakhala ndi malamulo akale. Mapulogalamu ena amakhulupirira zimene zili m'fayilo, ena amangotenga dzina la malo nkufunsa kaundula wawo. Umu ndi mmene anthu awiri olandira imelo imodzi amapezekera ndi nthawi ziwiri zosiyana.

## Kumene mawotchi sasuntha

Mayiko ambiri padziko lapansi sasuntha mawotchi. Osuntha adaunjikana ku Ulaya ndi kumpoto kwa Amereka, kuphatikizapo ochepa a kwina.

Mu Afirika pafupifupi onse sasuntha. Namibia idali yomaliza m'chigawo chathu, ndipo idasiya mu 2017 nkukhala pa +2 chaka chonse. Iguputo idasiya ndi kuyambiranso kangapo, ndipo idayambiranso mu 2023 ndi masiku akeake: Lachisanu lomaliza la Epulo mpaka Lachinayi lomaliza la Okutobala. Moroko idasankha njira yachilendo mu 2018, yokhala pa +1 koma nkumabweza ola m'mwezi wa Ramadani. Popeza mweziwu umatsatira kalendala ya mwezi ndipo umayamba msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, lamulo lotere silingalembedwe ngati "Lamulungu lomaliza la mwezi wakuti", ndipo masiku ake amachita kulembedwa m'kaundula chaka ndi chaka.

Ku Asia, Tchaina idayesa kuyambira 1986 mpaka 1991 nkusiya, Japan idasiya itayesa kuyambira 1948 mpaka 1951, ndipo India sisuntha. Russia idasiya mu 2011, Turkey mu 2016, Brazil mu 2019, ndipo mu 2022 Iran, Jordan, Syria ndi mbali yaikulu ya Mexico nawonso adasiya. Iceland, ngakhale ili ku Ulaya, sisuntha.

Zovuta kwambiri kwa kalendala ndi mayiko ogawikana mkati. Ku Amereka, Hawaii ndi Arizona sasuntha. Koma dera la anthu a Navajo, limene mbali yake yaikulu ili mu Arizona, limasuntha, pomwe dera la a Hopi, lozunguliridwa ndi la a Navajo, silisuntha. Ku Mexico mizinda yambiri ya m'malire ndi Amereka idapitiriza kusuntha kuti izigwirizana ndi a tsidya linalo. Ku Canada mbali yaikulu ya Saskatchewan sisuntha, ndipo Yukon idasiya mu 2020. Ku Australia, Sydney ndi Melbourne amasuntha koma Brisbane, Perth ndi Darwin ayi, ndipo chilumba cha Lord Howe chimasuntha ndi theka la ola lokha. Popeza Australia ili kummwera, imapita kutsogolo mu Okutobala ndi kubwerera mu Epulo, mosemphana ndi Ulaya. Kusiyana kwa London ndi Sydney kumakhala maola 11 mu Januwale, 9 mu Julayi, ndi 10 m'milungu yapakati. Dzina la dziko lokha silikwanira kudziwa nthawi, pamafunika mzinda.

## Chimene munthu angachite

Msonkhano ukaoneka kuti wasuntha, choyamba ndi kuutsegula nkuona chigawo cha nthawi chimene udakhazikitsidwira. Ngati ndi cha London kapena New York ndipo tsiku losuntha mawotchi langodutsa kumene, kalendala ikunena zoona ndipo nthawi yatsopanoyo ndiyo yotsatira. Kuukokera pa malo akale pa foni yanu yokha kumangokuchititsani kuphonya.

Pokhazikitsa msonkhano wa anthu a mayiko angapo, ndi bwino kugwirizana poyera kuti wotchi ya ndani ndiyo isasunthe, nkusankha mzinda umenewo ndi dzina. Polemba uthenga, "2 koloko masana nthawi ya ku London" ndi zomveka kuposa zidule. Anthu ambiri amalemba GMT chaka chonse pomwe m'nyengo yotentha London sili pa GMT, ndipo chidule ngati IST chimagwiritsidwa ntchito ku India, ku Ireland ndi ku Israel. Mndandanda umene wawonongeka kale, wokhala ndi misonkhano iwiriiwiri, kawirikawiri umachira msanga mwini wake akauthetsa pa tsiku lina nkuyamba watsopano, kusiyana ndi kukonza umodziumodzi.

## Zimene sizidathetsedwe

Funso loyamba ndi la mwambowo. Mu 2018 mgwirizano wa ku Ulaya udafunsa nzika zake, ndipo mwa mayankho 4.6 miliyoni, 84 pa 100 alionse adafuna kuti kusuntha mawotchi kuthe. Nyumba ya malamulo ya mgwirizanowu idavomereza mu Malichi 2019, koma maboma a mayiko sadagwirizane, ndipo mawotchi adapitiriza kusuntha. Ku Amereka, nyumba ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, idavomereza mu Malichi 2022 kuti nthawi ya nyengo yotentha ikhale ya chaka chonse, koma nyumba inayo sidaivotere nkhaniyo. Ofuna kusiya amagawanikanso pa nthawi imene itsale. Ena amafuna kuwala kwa madzulo chifukwa cha malonda ndi masewera, pomwe akatswiri ambiri a za tulo amakonda kuwala kwa m'mawa. Amereka idayesapo nthawi ya nyengo yotentha m'chisanu cha 1974, anthu adadandaula za ana opita kusukulu mumdima, ndipo lamulolo lidasinthidwa chaka chomwecho. Ngati mayiko oyandikana atasankha mosiyana, makalendala akhala ndi malamulo ambiri oti atsate, osati ochepa.

Lachiwiri ndi la tanthauzo la lonjezo. Boma likasintha lamulo msonkhano utakhazikitsidwa kale, kalendala isunge ola la pa wotchi kapena mphindi yeniyeni imene idawerengedwa poyamba? Kwa phunziro la m'kalasi, ola la pa wotchi ndilo lofunika. Kwa msonkhano wa pa intaneti umene ambiri mwa olowa ali kunja kwa dzikolo, mwina mphindi yeniyeniyo. Kalendala simadziwa cholinga cha amene adalemba, ndipo makalendala ambiri samufunsa.

Lachitatu ndi la chenjezo. Palibe pangano lokakamiza boma lililonse kulengeza kusintha kwa nthawi pasadakhale. Osamalira kaundula amapempha kuti chilengezo chizibwera kutatsala chaka kapena kuposerapo, koma ndi pempho chabe. Sizidadziwikenso kuti ndi udindo wa ndani kukonza malamulo a nthawi m'mafoni amene opanga ake adasiya kuwatumizira zatsopano, pomwe eni ake akuwagwiritsabe ntchito tsiku ndi tsiku.